Shuga wa m'botolo lonse, osati wa m'tambula imodzi

Kuseli kwa botolo la chakumwa cha zipatso kumakhala kabokosi ka manambala, ndipo manambalawo nthawi zambiri si a botolo lonse. Amanena za mlingo umodzi, umene pa lebulo amautcha sevingi, kutanthauza kuchuluka kwa chakumwa kumene akuganizira kuti munthu amamwa nthawi imodzi. Mlingowu amaulemba pamwamba pa kabokosiko, mwina mamililita 200, mwina 250. Koma ndani amagula botolo la mamililita 500 dzuwa likuswa mtengo, n'kumwa mamililita 200 okha, zotsalazo n'kusungira mawa? Ambirife timagugudiza lonse, choncho masamu ayenera kutsata zimene zalowa m'mimba.

Tiyerekeze botolo la mamililita 500 la chakumwa cha malalanje. Lebulo ikuti mlingo umodzi ndi mamililita 200, shuga yense pa mlingo ndi magalamu 22, ndipo madzi enieni a malalanje ndi 20 peresenti. Choyamba ndi kudziwa kuti m'botolomo muli milingo ingati: 500 kugawa ndi 200, yankho ndi 2.5. Kukula kwa botolo muzikuwerenga kutsogolo kwake, chifukwa kabokosi kamodzimodziko nthawi zina kamasindikizidwa pa mabotolo aakulu ndi aang'ono omwe. Kenako chulukitsani 22 ndi 2.5, mupeza magalamu 55. Ameneyu ndiye shuga yense wa m'botolo. Pa zakumwa zambiri zochokera ku South Africa, zimene zadzaza m'masitolo athu, pamakhalanso mzere wa manambala a pa mamililita 100 alionse. Mzerewu ndi wabwino potsimikizira yankho: pa botolo lathu ukhala ukunena magalamu 11, ndipo 11 kuchulukitsa ndi 5 ndi 55 yemweyo. Mayankho awiriwa akasiyana kwambiri, mwalakwitsa mlingo kapena mwawerenga mzere wolakwika, kawirikawiri wa makabohaidireti onse, umene umakhala pamwamba pa wa shuga.

Komabe magalamu 55 aja si onse amene anachita kuthiridwa kufakitale. Shuga yense amaphatikiza mitundu iwiri: amene anabwera ndi chipatso, ndi wothiramo, monga shuga wa nzimbe, gulukosi, manyuchi a chimanga kapena uchi. Ku America bungwe la FDA linasintha malamulo a malebulo mu 2016, ndipo tsopano pansi pa mzere wa shuga yense pamakhala mzere wina wolowa m'kati pang'ono wonena za shuga wothiramo. Botolo lathu likanakhala la kumeneko, mzerewo ukananena magalamu 18 pa mlingo, ndipo 18 kuchulukitsa ndi 2.5 ndi magalamu 45. Apa ena amaphonya pophatikiza 22 ndi 18 n'kupeza 40 pa mlingo. Ayi, 18 uja ali kale m'kati mwa 22. Chizindikiro chake n'chosavuta: wothiramo sangapose shuga yense, ndipo mukachotsa 18 pa 22, magalamu 4 otsalawo ndiwo a chipatso.

Pambali pa 18 paja pakanalembedwanso 36%. Peresenti imeneyi siikunena kuti gawo lotere la chakumwacho ndi shuga. Ikuyerekeza ndi malire a tsiku lonse, amene FDA inaika pa magalamu 50 kwa munthu wodya makalori 2,000 patsiku. Nayonso ndi ya mlingo umodzi, choncho iyenera kuchulukitsidwa ndi 2.5. Botolo lonse likwana 90 peresenti ya malire a tsiku, munthu asanamwe n'komwe tiyi wa m'mawa.

Vuto lenileni limabwera pamene lebulo ilibe mzere wa shuga wothiramo, ndipo ndi mmene alili mabotolo ambiri amene timakumana nawo kuno. Pamenepo yankho lenileni amalidziwa ndi opanga okha, koma tikhoza kuliyandikira pogwiritsa ntchito peresenti ya madzi a chipatso. Pa mamililita 500, 20 peresenti ndi mamililita 100 a madzi a malalanje. Madzi a malalanje osathira kanthu amakhala ndi shuga wa magalamu 8 kapena 9 pa mamililita 100. Titenge 9. Kuchotsa 9 pa 55, patsala magalamu 46 a shuga wothiramo. Kusiyana kwa 46 ndi 45 uja kusakudetseni nkhawa. Manambala a pa lebulo amawazungulitsa, moti 18.4 amalembedwa 18, ndipo kachidutswa kotayikako kamakula tikamachulukitsa. Supuni yaing'ono ya tiyi yosasefukira imanyamula pafupifupi magalamu 4, ndiye kuti magalamu 46 ndi masupuni oposa 11. Palibe amene angathire otere m'kapu yake akuona.

Njira yoyerekezayi imapepuka mphamvu ngati zipatso zasakanizidwa. Botolo likhoza kukhala ndi chithunzi cha mango kapena gwafa kutsogolo, koma madzi ambiri a chipatso m'katimo ali a maapozi kapena mphesa, amene sakhala ndi fungo lamphamvu. Madzi a maapozi amakhala ndi magalamu pafupifupi 10 pa mamililita 100, a mphesa amafika 15 kapena kuposerapo. Ndiye werengani mndandanda wa zopangira, umene umayamba ndi cholemera kwambiri n'kumatsika. Ukayamba ndi madzi, kenako shuga, chipatso n'kubwera pachitatu, mwadziwa kale kuti kutsekemera kwambiri n'kochita kuthira. Chenjeraninso ndi madzi a zipatso okhuthala, amene anachotsedwa madzi kuti akhale phalaphala. Akawasungunula kubwerera mwakale amatengedwa ngati juwisi wamba, koma akawathira ali okhuthala kuti atsekemeretse chakumwa, malamulo a FDA amawerenga shuga woonjezerekayo ngati wothiramo, ngakhale kuti m'botolomo simunalowe shuga wa nzimbe.

Nthawi zina masamu amatuluka modabwitsa: chakumwa chikutsekemera kwambiri koma lebulo ikunena magalamu 4 okha pa mamililita 100. Lebuloyo siikunama. Yang'anani m'zopangira, mupeza zotsekemeretsa monga asipatemu kapena sukuralozi, zimene siziwerengedwa pa mzere wa shuga. Zakumwa zosungunula ndi madzi, zimene ambiri timangozitcha Sobo, nazo zili ndi msampha wake. Onetsetsani ngati manambalawo ndi a chakumwa chosungunula kale kapena chokhuthala cha m'botolo, chifukwa amene amathira chambiri m'tambula kuposa mmene lebulo yanenera wasintha kale masamu onse.

Nanga juwisi wa 100 peresenti, amene shuga wake wothiramo ndi 0? Apa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limawerenga mosiyana ndi FDA. Malangizo ake a 2015 amaika pamodzi shuga wothiramo, wa mu uchi, wa m'manyuchi ndi wa m'madzi a zipatso, kupatulapo amene ali m'chipatso chathunthu ndi mu mkaka. Amati shuga wotereyu asafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, ndipo n'kwabwino koposa kutsika pansi pa 5 peresenti. Kwa wodya makalori 2,000, amenewa ndi magalamu 50 ndi 25. Mwa kuwerenga kumeneku, pa botolo lathu lija sitichotsanso magalamu 9 a malalanje: onse 55 amalowa m'kaundula, ndipo botolo limodzilo ladutsa kale malire a tsiku. Kwa munthu amene ali ndi matenda a shuga, nambala yoyenera kuyang'ana ndi ya makabohaidireti onse a m'botolo, chifukwa shuga wa malalanje ndi wa nzimbe yemwe amakweza shuga m'magazi.