Dzira kwa mwana wa miyezi 6: kaphikidwe, mlingo ndi zoyenera kuyang'anira

M'midzi yambiri ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi nkhuku zili pamakomo ambiri, koma kawirikawiri dzira silifika m'mbale ya mwana amene wangoyamba kumene kudya. Mabanja ena amalisiya kuti nkhuku ifungatire, ena amakaligulitsa kuti apeze ya mchere ndi sopo, pomwe ena amaopa malaulo akale akuti mwana wodya mazira amadwala khunyu. Chikhulupiriro chimenechi chilibe umboni uliwonse, chimodzimodzi chija chakuti mayi woyembekezera akadya mazira amabereka mwana wopanda tsitsi.

Malinga ndi ndondomeko imene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa m'chaka cha 2023, mwana aziyamwa bere lokha mpaka atakwanitsa miyezi 6, ndipo kuyambira pamenepo azilandira tsiku lililonse chakudya chochokera ku nyama, monga nsomba, nyama kapena mazira, uku akupitiriza kuyamwa. Mwa zitatuzi, dzira ndi limene mayi wa ku Malomo, Nthondo kapena Mvera angathe kulipeza osapita kumsika, chifukwa maboma awiriwa safika kunyanja ndipo usipa ndi matemba zimalira ndalama.

Uphungu wochedwetsa dzira unasintha

Ogwira ntchito m'boma ena amene anaphunzira zaumoyo zaka zapitazo akukumbukirabe langizo lakuti dzira liyembekeze mpaka mwana atakwanitsa chaka, kapena kuti ayambe ndi chachikasu chokha, choyera chibwere pambuyo. Langizoli linalidi m'mabuku. M'chaka cha 2000 bungwe la madotolo a ana ku Amereka linalangiza kuti ana amene matupi awo angathe kudana ndi zakudya zina asapatsidwe mazira mpaka zaka ziwiri, koma linachotsa langizoli mu 2008 litaona kuti kuchedwetsako sikuteteza mwana.

Kafukufuku wa pambuyo pake anasonyezanso kuti kuchedwa ndiko kumene kungabweretse vuto. Ku Japani, zotsatira zimene zinatuluka mu 2017 zinaonetsa kuti mwa ana a vuto la khungu loyabwa amene anayamba kulandira kadzira kochepa kwambiri kophikidwa kuyambira miyezi 6, ana 8 pa 100 aliwonse ndi amene anapezeka kuti matupi awo akudana ndi dzira pofika chaka chimodzi. Mwa anzawo amene sanalandire, anali 38 pa 100 aliwonse. Choncho lero mwana amapatsidwa dzira lonse, choyera ndi chachikasu chomwe, m'masabata oyambirira a kudya. Tizindikire kuti choyera ndi chimene thupi limadana nacho kawirikawiri, motero mwana amene wakhala akudya chachikasu chokha sanayesedwebe ndipo thupi lake silinazolowere kanthu.

Kaphikidwe

Lamulo losasinthika ndi lakuti dzira la mwana likhale lopsa lonse. Dzira laliwisi kapena lamadzimadzi pakati lingathe kukhala ndi tizirombo ta salimonela timene timatsegula m'mimba ndi kutentha thupi, ndipo kwa khanda matendawa ndi oopsa. Kuphika kumachepetsanso mphamvu ya zina mwa zinthu za m'dzira zimene thupi limadana nazo.

Njira yapafupi ndiyo kuwiritsa. Dzira likhale m'madzi owira kwa mphindi 10, kuwerengera kuyambira pamene madzi ayamba kubwata, osati pamene poto waikidwa pamoto. Madera ambiri a Dowa ndi Ntchisi ali pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo kumalo okwera chotere madzi amawira asanatenthe kwambiri ngati kumalo otsika, choncho nkwabwino kuwonjezerapo mphindi ziwiri. Mayi akalisenda ndi kulidula pakati, chachikasu chikhale cholimba ndi chosanyowa. Kamzere kobiriwirako kamene nthawi zina kamazungulira chachikasu kamangosonyeza kuti dzira lakhalitsa pamoto, ndipo sikoopsa.

Choyera cha dzira lowiritsa chimaterera ndipo chingathe kutsamwitsa mwana chikaperekedwa m'zidutswa. Chiphwanyidwe ndi supuni kapena foloko pamodzi ndi chachikasu mpaka zisalale, kenako zifewetsedwe ndi mkaka wa m'mawere kapena madzi owiritsa, nkusakaniza m'phala. Mchere ndi shuga sizifunika.

Njira yachiwiri, imene amayi ambiri amaikonda chifukwa siwononga nkhuni, ndiyo kuswera dzira m'kapu, kulitakasa, ndi kulithira m'phala la mgaiwa likadali kuwira pamoto, nkupitiriza kutakasa kwa mphindi zitatu kapena zisanu. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndicho kuthira dzira m'phala lophula kale. Phala lotere limaoneka bwino koma dziralo silinapse. Njira yachiwiriyi ndi yoyenera pamene mwana wazolowera kale, popeza masiku oyamba mlingo umayezeka bwino ndi dzira lowiritsa. Dzira losweka kale chigoba kapena lonunkha litayidwe, ndipo manja asambidwe ndi sopo mutagwira mazira a m'khola.

Chitsanzo cha masiku oyamba

Titenge chitsanzo cha mwana wa m'dera la Mfumu Yaikulu Kalumo ku Ntchisi amene wakwanitsa miyezi 6, akukhala pansi mothandizidwa, khosi lake lalimba, ndipo wakhala akudya phala la mgaiwa kwa masiku atatu popanda vuto. Mwanayu ali bwino, sakutsegula m'mimba ndipo thupi silikutentha. Zimenezi nzofunika, chifukwa dzira likayambidwa mwana akudwala, sizidziwika ngati kusanza kwachokera ku matendawo kapena ku dziralo.

Tsiku loyamba, m'mawa, mayi awiritsa dzira ndi kutapa kota ya supuni yaing'ono ya tiyi, nkuisakaniza m'masupuni awiri kapena atatu a phala lolimbirako, losayenderera pa supuni. Ayambe m'mawa kuti akhale ndi maola a masana oyang'anira mwana, komanso kuti chipatala chikhale chofikirika ngati pachitika zovuta. Tsiku limenelo mayi asayambitse chakudya china chatsopano. M'maboma olima mtedza ndi soya ngati awa mfundoyi njofunika kwambiri, popeza nsinjiro ndi ufa wa soya nazonso zili m'gulu la zakudya zimene matupi a ana ena amadana nazo. Zikayambidwa tsiku limodzi ndi dzira, mwana nkutuluka ziwengo, palibe amene angadziwe chimene chalakwa, ndipo banja limathera posiya zonse zitatu. Dzira lotsala adye mayi woyamwitsayo kapena mkulu wake wa mwanayo, lisasungidwire mawa.

Ngati padutsa tsiku popanda chizindikiro chilichonse, tsiku lachiwiri mwana alandire theka la supuni ya tiyi, lachitatu supuni yathunthu. Pakutha pa sabata angathe kufika pa kota ya dzira, sabata yachiwiri theka. Palibe chiwerengero chokhazikika cha masiku, ndipo mwana amene akukana asakakamizidwe, koma ayesedwenso mawa lake. Ana ena amamaliza dzira lathunthu pa tsiku asanafike miyezi 9, nthawi zina logawidwa m'mawa ndi madzulo. Kuyambira miyezi 9, pamene mwana ayamba kutola chakudya ndi zala, angathe kupatsidwa dzira lokazinga lofewa koma lopsa, lodulidwa tizidutswa, atakhala tsonga ndipo wamkulu ali pafupi.

Mwana akazolowera, dzira lisalekedwe. Alandire kosachepera kawiri pa sabata, chifukwa thupi limasunga chizolowezicho likamakumana ndi chakudyacho pafupipafupi. Apa ndi pamene ntchito ya alangizi a ziweto ikukhudzana ndi ya alangizi a zaumoyo. Chitopa chikasesa nkhuku m'nyengo yotentha, pakhomo pamatha miyezi popanda dzira, choncho katemera wa chitopa wodonthezera m'diso la nkhuku ali mbali ya nkhani yomweyi.

Zizindikiro zoyenera kuzidziwa

Thupi likadana ndi dzira, zizindikiro zimaoneka msanga, pakangopita mphindi zochepa mpaka maola awiri. Zofala ndi totupa toyabwa pakhungu, kutupa kwa milomo kapena zikope, ndi kusanza. Zikatere mayi asiye kupereka dzira ndipo apite ndi mwana kuchipatala tsiku lomwelo, nakafotokoze chimene mwana anadya ndi nthawi yake. Asayesenso yekha kunyumba.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kudikira: kubanika kapena kupuma moliza likhweru, kusasa mawu, kutupa lilime, kutuwa, ndi kulefuka thupi lonse. Mwana wotere athamangitsidwe kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala ake ndi jekeseni ya adirenalini, osati mankhwala a pagolosale kapena a zitsamba. Ana ochepa amayamba kusanza mobwerezabwereza patapita ola limodzi mpaka anayi, nafooka popanda chotupa chilichonse pakhungu, ndipo nawonso ayenera kuonedwa mwamsanga.

Koma kufiira pang'ono kuzungulira pakamwa, pomwe chakudya chakhudza, kumene kumatha kokha mwana akapukutidwa ndipo kulibe chizindikiro china, kawirikawiri si kudana ndi dzira. Kusintha fungo la chimbudzi nakonso nkwachibadwa mwana akayamba kudya. Mwana amene ali kale ndi khungu louma, losuka ndi loyabwa kwambiri, kapena anadwalapo atadya chakudya china, aonedwe kaye ndi azachipatala asanayambe dzira. Ana ambiri amene matupi awo amadana ndi dzira vutoli limatha akamakula.

Zimene dzira lingathe ndi zimene silingathe

Dzira la magalamu 50 limapereka pafupifupi magalamu 6 a zomanga thupi, mavitamini A ndi B12, komanso kolini amene amathandiza kukula kwa ubongo. Ku Ekwado, kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017 anapeza kuti dzira limodzi pa tsiku linachepetsa kupinimbira ndi 47 peresenti. Akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya California ku Davis ndi a College of Medicine ku Blantyre anabwereza kafukufukuyu ku Mangochi, m'madera a Lungwena ndi Malindi, mu 2018 ndi 2019, pa ana 660 a miyezi 6 mpaka 9. Ntchitoyi inatchedwa Mazira. Patatha miyezi 6, ana amene ankalandira dzira sanatalike kuposa anzawo. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anatchula nchakuti ana a kunyanjako ankadya kale nsomba.

Zotsatirazi zikuchenjeza akuluakulu okonza ndondomeko kuti asalonjeze makolo kuti dzira lokha lithetsa kupinimbira. Boma la Ntchisi likudziwa kale kulemera kwa ntchitoyi, popeza ndi kumene boma ndi bungwe la WFP anayambitsa ndondomeko yolimbana ndi kupinimbira mu 2014, ndipo Dowa ndiye linali boma loyerekezera nalo poyesa zotsatira. Kafukufuku wa Mazira anapezanso kuti dzira silinachepetse vuto la kuchepa kwa magazi mwa ana, chifukwa ayironi wa m'dzira ndi wochepa ndipo salowa bwino m'thupi. Motero mlangizi amene akuphunzitsa za dzira ku sikelo ya ana ku Mponela kapena ku Khuwi atchulenso ufa wa usipa wosinja, chiwindi, nyemba ndi masamba obiriwira, ndipo chilichonse mwa izi chiyambidwe pa tsiku lakelake.