Mayiko Amene Nthawi Yawo Ili ndi Theka la Ola

Nthawi ya dzuwa

Dziko lapansi limazungulira kamodzi pa maola 24. Pa mapu, dziko linagawidwa m'madigiri 360 kuzungulira konse. Madigiri 360 akagawidwa ndi maola 24, ola lililonse limapeza madigiri 15. Digiri imodzi ndi mphindi zinayi.

Dzuwa limayamba kutuluka kum'mawa. Choncho mudzi umene uli digiri imodzi kum'mawa kwa unzake umaona dzuwa lili paliwombo kudakali mphindi zinayi kuti unzakewo ulione motero. Kale mzinda uliwonse unkatchera wotchi yake poyang'ana dzuwa. Likafika paliwombo, imeneyo inali 12 koloko ya mzindawo. Munthu woyenda pansi kapena pa ngolo sankavutika nazo, chifukwa ulendo wa masiku angapo susokonezeka ndi mphindi khumi.

Vuto linabwera ndi sitima zapamtunda. Sitima ziwiri zoyendera njanji imodzi zimafuna kuti oziyendetsa akhale ndi nthawi yofanana, apo ayi zimatha kuwombana.

Mzere wa Greenwich

Mu 1884 nthumwi za mayiko 25 zinakumana ku Washington, m'dziko la America. Zinagwirizana kuti madigiri aziwerengedwa kuyambira pa mzere wodutsa ku Greenwich, mu mzinda wa London. Msonkhanowo sunalamule dziko lililonse nthawi yoti lizitsatira. Mpaka lero boma la dziko lililonse ndilo limasankha nthawi yake.

Mayiko ambiri anasankha njira yosavuta, yosiyana ndi Greenwich ndi maola athunthu. Malawi ali m'gulu limeneli. Nthawi yake ili patsogolo ndi maola awiri, ndipo pa foni imalembedwa kuti UTC+2. Maola awiri amagwirizana ndi mzere wa madigiri 30 kum'mawa. Lilongwe ali pafupi ndi madigiri 34, kutanthauza kuti wotchi za mumzindawu zimatsalira m'mbuyo mwa dzuwa ndi mphindi pafupifupi 15. Kusiyana kochepa chotere palibe amene kumamusowetsa tulo.

Koma mayiko ena anapezeka kuti agwera pakati penipeni pa mizere iwiri ya maola athunthu. Kumeneko ndiko kunachokera theka la ola.

India: dziko lalikulu, wotchi imodzi

Dziko la India ndi lotambalala kwambiri. Limayambira pa madigiri 68 kumadzulo n'kukathera pa madigiri 97 kum'mawa. Madigiri 29 amenewa ndi pafupifupi maola awiri a dzuwa. Kum'mawa kwa dzikoli anthu amakhala atayamba kale ntchito pamene kumadzulo kukadali mdima.

M'nthawi ya atsamunda a ku Britain, mizinda ikuluikulu inali ndi nthawi zake. Ya Bombay, amene lero ndi Mumbai, inali patsogolo pa Greenwich ndi maola anayi ndi mphindi 51. Ya Madras, amene lero ndi Chennai, inali patsogolo ndi maola asanu ndi mphindi 21. Ya Calcutta, amene lero ndi Kolkata, inali patsogolo ndi maola asanu ndi mphindi 53. Makampani a njanji ankatsatira ya Madras, chifukwa inali pakati pa ziwiri zinazo. Munthu wa ku Bombay wofuna kukwera sitima ankayenera kukumbukira kuti wotchi ya pasiteshoni ili patsogolo pa ya kunyumba kwake ndi theka la ola.

Pamene boma linafuna nthawi imodzi ya dziko lonse, maola athunthu oyandikira anali awiri: ola lachisanu, la madigiri 75, ndi lachisanu ndi chimodzi, la madigiri 90. Onse awiri anali ndi chilema. Likanasankhidwa lachisanu, Bombay akanasiyana ndi dzuwa ndi mphindi 9 zokha, koma Calcutta akanasiyana nalo ndi mphindi 53. Likanasankhidwa linalo, Calcutta akanasiyana ndi mphindi 7, Bombay n'kusiyana ndi mphindi 69, kupitirira ola. Mzinda wina ukanakondwa, wina n'kulira.

Mzere wa pakati pa 75 ndi 90 ndi wa madigiri 82 ndi theka. Umadutsa pafupi ndi mzinda wa Mirzapur, m'chigawo cha Uttar Pradesh. Madigiri 82 ndi theka akagawidwa ndi 15 amapereka maola asanu ndi theka. Ndi nthawi imeneyi Bombay amasiyana ndi dzuwa ndi mphindi 39, Calcutta ndi mphindi 23. Palibe mzinda umene unapeza zonse, komanso palibe umene unasenza mtolo wonse. Nthawi yatsopanoyi inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1906.

Sikuti anthu anangoilandira. Ambiri a ku Bombay anaikana, poona kuti ndi lamulo linanso la atsamunda limene labwera popanda kuwafunsa. Calcutta anasunga nthawi yake mpaka 1948, ndipo Bombay anakakamira yake mpaka 1955, India atalandira kale ufulu wodzilamulira.

Theka la ola silinathetse vuto la kukula kwa dziko. Ku Assam, kumpoto chakum'mawa, m'chilimwe kumacha 5 koloko isanakwane, ndipo m'nyengo yozizira kumada anthu asanaweruke m'maofesi. Minda ya tiyi ya kumeneko inazolowera kuyendera wotchi yakeyake, yotsogola ndi ola limodzi, kuti othyola tiyi agwire ntchito kukuwala. Pempho loti dzikoli likhale ndi nthawi ziwiri lakhala likumveka, koma boma silinalivomere.

Nepal ndi mphindi 45

Nepal ndi dziko laling'ono la m'mapiri, lokhala pakati pa India ndi China. Likulu lake, Kathmandu, lili pa madigiri 85 ndi pang'ono, ndipo nthawi yake ya dzuwa ili patsogolo pa Greenwich ndi maola asanu ndi mphindi 41. Nthawi ya India imatsalira ndi mphindi 11, pamene ola lachisanu ndi chimodzi limapitirira ndi mphindi 19. Yoyandikira kwambiri ndi maola asanu ndi mphindi 45.

Nepal anatenga mzere wa madigiri 86 ndi kota, umene umadutsa pafupi ndi phiri la Gaurishankar, kum'mawa kwa Kathmandu. Pa mphindi zinayi digiri iliyonse, mzerewu umapereka mphindi 345, amene ndi maola asanu ndi mphindi 45. Nthawi imeneyi yakhala ikutsatiridwa kuyambira mu 1986.

Mphindi 11 zokha sizikanavutitsa mlimi kapena wogulitsa pamsika. Chifukwa china n'chakuti dziko laling'ono loyandikana ndi lalikulu limafuna zizindikiro zosonyeza kuti ndi loima palokha, ndipo wotchi ndi chimodzi mwa izo. Munthu wowoloka malire kuchoka ku India kulowa ku Nepal amakankhira wotchi yake patsogolo ndi mphindi 15.

Malo ena a mphindi 45 ndi zilumba za Chatham, za dziko la New Zealand, zimene zili patsogolo pa Greenwich ndi maola 12 ndi mphindi 45. Kulinso kadera kakang'ono ka Eucla ku Australia, kumene anthu amatsatira maola 8 ndi mphindi 45 mwa chizolowezi chabe.

Ena a theka la ola

Iran ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka, Afghanistan anayi ndi theka, Myanmar asanu ndi limodzi ndi theka. Sri Lanka ali ndi nthawi yofanana ndi ya India. Chifukwa chake n'chimodzimodzi: madera amene kumakhala anthu ambiri ali kutali ndi mizere ya maola athunthu.

Chilumba cha Newfoundland chili kumbuyo kwa Greenwich ndi maola atatu ndi theka. Likulu lake, St. John's, pa nthawi ya dzuwa limatsalira kumbuyo kwa Greenwich ndi maola atatu ndi mphindi 31, choncho wotchi ndi dzuwa zimangoyendera limodzi. Chilumbachi chinasankha nthawiyi chisanakhale mbali ya Canada, ndipo chitalowa m'dzikolo mu 1949 sichinaisiye. Mu 1963 boma la chigawocho linayesa kuisintha kuti ifanane ndi ya zigawo zoyandikana nazo, koma anthu anakana.

Pamene ndale zagwira wotchi

Nthawi yosankhidwa potsata dzuwa imakhalitsa. Yosankhidwa ndi mtsogoleri pa zifukwa za ndale imatha kusintha msanga.

Mu Disembala 2007 pulezidenti Hugo Chávez wa ku Venezuela anabweza wotchi za dziko lake ndi theka la ola, ponena kuti ana azipita kusukulu kutacha. Mu Meyi 2016 boma la Nicolás Maduro linabwerera ku ola lathunthu. Magetsi anali kusowa, ndipo kuwala kwa dzuwa kwa theka la ola madzulo kunkachepetsa magetsi oyatsa m'nyumba.

North Korea anachita zofanana pa 15 Ogasiti 2015, pokumbukira zaka 70 chithere ulamuliro wa Japan. Anasiya maola 9, amene ndi nthawi ya Japan, n'kutenga maola 8 ndi theka. Mu Meyi 2018, atsogoleri a North Korea ndi South Korea atakumana, dzikolo linabwerera ku maola 9 kuti lifanane ndi mnansi wake.

Kuwerengera kwake

Amalawi ambiri amapita ku India kukalandira chithandizo kuchipatala kapena kukaphunzira, ndipo abale awo amawaimbira foni. India ali patsogolo pa Greenwich ndi maola asanu ndi theka, Malawi ndi maola awiri. Kuchotsera awiri pa asanu ndi theka kumasiya maola atatu ndi theka. Ikakhala 12 koloko masana ku Lilongwe, ku Delhi ndi 3:30 masana, ndipo ku Kathmandu ndi 3:45.

Cholakwika chofala ndi kuwerenga maola okha n'kuiwala thekalo. Wodwala amene wauza m'bale wake kuti amuimbire 9 koloko m'mawa, nthawi ya ku India, ayenera kuimbiridwa 5:30 m'mawa ku Malawi. Kubwerera maola atatu kuchokera pa 9 kumafikitsa pa 6, ndipo kubwereranso mphindi 30 kumafikitsa pa 5:30. Woimba 6 koloko amakhala atachedwa ndi theka la ola.

Pali chizindikiro chosavuta chotsimikizira. Pakati pa Malawi ndi Kenya kapena Britain, mphindi zimafanana ndipo limasiyana ndi ola lokha. Pakati pa Malawi ndi India, mphindi sizingafanane. Yankho limene likupereka 6:00 kuno ndi 9:00 uko ndi lolakwika.

Mu Africa mulibe dziko limene lero likutsatira theka la ola kapena mphindi 45. Lomaliza kusiya nthawi yosakwana ola lathunthu linali Liberia, limene linali kumbuyo kwa Greenwich ndi mphindi 44 ndi theka mpaka mu Januwale 1972.