Ndalama zotumizidwa kumudzi ndi ogwira ntchito kunja

Ndalama zotumizidwa kumudzi ndi ndalama zomwe anthu ogwira ntchito m'mayiko ena amatumizira abale awo kwawo. Zimafika ngati ndalama zakunja, koma wozilandira amazisintha kuti agulire chakudya, simenti ndi malata kapena kulipira sukulu.

Zikachuluka, ogulitsa madola amaposa ogula. Ngati mtengo wa ndalama ya dziko lolandira umasintha potengera msika, ndalamayo imakula mphamvu. Katundu wakunja amatchipa, koma alimi ndi mafakitale ogulitsa kunja amapeza zochepa pa dola iliyonse.

Ku Nepal zimayenda mwina. Ndalama zomwe nzika zake zimatumiza kuchokera ku Qatar, Saudi Arabia, Malaysia ndi kwina zimakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma chomwe dzikolo limapanga pachaka. Komabe kuyambira 1993 rupi ya Nepal inamangiriridwa ku ya India: marupi 160 a Nepal amasinthidwa ndi 100 a India. Pofuna kusunga mtengowu, banki yayikulu, Nepal Rastra Bank, imagula madola otsala m'mabanki n'kupereka marupi atsopano. Ndalama zoyenda m'dziko zimachuluka, mabanki amakongoza kwambiri, ndipo mitengo ya zinthu zosaitanitsika kunja, monga malo ndi nyumba za ku Kathmandu, imakwera. Mitengo ya katundu wa m'masitolo imatsatira kwambiri ya ku India.

Pochepetsa vutoli, banki yayikulu imachotsa marupi ena pamsika pogulitsa zikalata zangongole kapena kuwasungitsa kwa iyo, ndipo imalipira chiwongoladzanja.