Kubweza si kufomata

Ku Ulónguè, laputopu ikayamba kuzima ndi kuyakanso yokha, mawu oyamba amene mwini wake amamva ndi akuti "tiifomate". Mawuwa amandiwawa. Kufomata ndi kusesa zonse za m'kati, zithunzi, makalata, ngakhale ntchito imene wophunzira zaulimi wakhala akulemba chaka chathunthu. Chonsecho nthawi zambiri chofunika n'kubweza, ndiye kuti kuchotsa apudeti yokhayo imene yalowa molakwika, katundu wa mwini wake osakhudzidwa.

Vuto limayamba chonchi. Mafayilo ena a Windows sasinthika makina akugwira ntchito, motero amasinthidwa pamene makinawo akuyambiranso. Magetsi akathima pa nthawi imeneyo, batire ili yakufa kale, makina amatsala ngati nyumba yofolera theka: mbali ina udzu watsopano, mbali ina wakale. Akayesa kudzuka amalephera, n'kuyesanso, osalekeza.

Ya mphwanga inatero. Tinaisiya pa chaja maola awiri, poti nthawi zina Windows imadzibweza yokha. Itakanika, tinazula fulashi ndi mawusi, n'kuiyatsa. Chizindikiro cha Windows chitangooneka, tinadinikiza batani loyatsira mpaka inazima. Tinachita zimenezi kawiri, ndipo ulendo wachitatu inatitengera pa sikirini yokonzera. Yake ndi ya Chipwitikizi, choncho tinatsata Resolução de Problemas, kenako Opções avançadas, kenako Desinstalar Atualizações. Pa ya Chingerezi mawu ake ndi Troubleshoot, Advanced options ndi Uninstall Updates.

Apa m'pamene anthu amasokonezeka, chifukwa pamabwera zosankha ziwiri. Yotchedwa quality update ndi yaing'ono, ya mwezi ndi mwezi, imene Microsoft imatulutsa Lachiwiri lachiwiri la mwezi. Yotchedwa feature update ndi yaikulu, imasintha Windows yonse, ndipo yakale imasungidwa m'foda ya Windows.old. Njira yobwerera ku yakaleyo imakhala yotsegula masiku 10 okha. Amene wafufuta fodayo pofuna malo wadzitsekera yekha chitseko, ngakhale masikuwo asanakwane. Ife tinayamba ndi yaing'ono, popeza ndiyo inali italowa dzulo lake, ndipo laputopu inadzuka, mafayilo onse ali m'malo mwake.

Ikanakana, tikanayesa System Restore, imene imabweza makina momwe analili tsiku lina lam'mbuyo popanda kukhudza makalata ndi zithunzi, bola tsikulo likhale kuti linasungidwa. Koma Reset this PC ndiyopewa mpaka zina zonse zitalephera, pakuti ngakhale musankhe kusunga mafayilo, mapulogalamu amene munaikamo amapita.

Pa makina otsekedwa ndi BitLocker, sikirini yokonzerayo imafunsa kiyi wa manambala 48 musanabweze chilichonse. Kawirikawiri kiyiyu amakhala mu akaunti ya Microsoft ya amene anayamba kugwiritsa ntchito makinawo. Pogula laputopu ya kaunjika, funsani za kiyiyu musanapereke ndalama.