Kalata ya makilomita a galimoto yochokera ku Japan

Iyi ndi kalata imene woitanitsa galimoto zakale amalembera wogula pomufotokozera zimene chikalata chotsimikizira makilomita chikusonyeza. Maziko ake ndi shakeni, kuyeza galimoto kwa lamulo ku Japan. Galimoto yaing'ono ya munthu wamba imayezedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo makilomita amalembedwa limodzi ndi tsiku lake. Chikalata cha boma chotulutsira galimoto kunja chimakhala ndi manambala a makilomita amene analembedwa pa mashakeni awiri omaliza.

Kalata yabwino imaika manambalawo pafupi ndi zimene mita ikuwerenga lero. Tiyerekeze Toyota Vitz imene inalembedwa makilomita 62,000 mu 2019 ndi 88,000 mu 2021, koma yafika ku Lilongwe mita ikuonetsa 54,000. Pamenepo palibe chokambirana: mita inabwezedwa m'mbuyo kapena inasinthidwa.

Woitanitsa woona mtima amanenanso pamene chikalatacho chimalekezera. Ulendo umene galimoto inayenda shakeni yomaliza itadutsa sulembedwamo, choncho wina akhoza kubweza mita kuchoka pa 120,000 kufika pa 95,000, manambala n'kumaoneka ogwirizana. Amakumbutsanso wogula kuti ayerekeze nambala ya chasisi ya pachikalata ndi yodindidwa pagalimotoyo.