Khofi, madzi ozizira ndi mphepo sizichotsa mowa m'thupi

Pa masiku a msika ku Nsadzo, makamaka alimi akalandira ndalama za fodya, munthu akaledzera anzake amamupangira khofi wowawa, amamuthira madzi kumutu kapena kumutulutsa panja kuti apitidwe mphepo. Maso akatseguka, amamulola kukwera njinga yamoto. Koma zitatu zonsezi sizichepetsa mowa umene uli m'magazi.

Mowa ukamwedwa umalowa m'magazi kudzera m'mimba ndi m'matumbo, n'kufika ku ubongo. Chiwalo chimene chimauphwanya ndi chiwindi, ndipo chimagwira ntchito yoposa magawo 90 pa 100 alionse. Wotsala pang'onowo ndi umene umatuluka ndi mpweya, mkodzo ndi thukuta. N'chifukwa chake kupuma mpweya wabwino, kukodza kaŵirikaŵiri kapena kuthamanga sikusintha zambiri.

Chiwindi chili ndi liwiro lake. Kwa munthu wamkulu, chimaphwanya magalamu pafupifupi 8 a chinthu choledzeretsacho pa ola. Botolo lalikulu la 2M lili ndi magalamu pafupifupi 20, ndiye limafuna maola aŵiri ndi theka. Bambo amene wayamba kumwa 6 koloko madzulo n'kumaliza mabotolo asanu, wamwa magalamu 100, ndipo chiwindi chake chigwira ntchito maola oposa 12. Akalaŵirira 4 koloko m'maŵa kupita kumalire a Cassacatiza, mowa ukadali m'magazi, ngakhale wagona ndi kusamba. Kachasu ndiye wovuta kuŵerengera, poti mphamvu yake imasiyana malinga ndi wotcheza.

Khofi amangothamangitsa tulo. Sabweza luso loona mtunda bwino, kapena logwira mabuleki msanga mbuzi ikadumphira mumsewu. Ngozi yake ndi yakuti woledzera wa tulo akanagona, pamene woledzera wamaso amadziona ngati ali bwino n'kuliza njinga.

Madzi ozizira amadzidzimutsa thupi kwa mphindi zochepa chabe. Komanso mowa umatsegula timitsempha ta pakhungu, moti munthu amamva kufunda pamene thupi likutaya kutentha. Kumunyowetsa n'kumusiya panja usiku wa mu Juni kapena Julayi kungamuziziritse mpaka kufa.

Ngati munthu waledzera kwambiri, mugonekeni chammbali, osati chagada, kuti akasanza masanzi asatseke njira ya mpweya. Mufunditseni, ndipo wina akhale naye pafupi, chifukwa mowa umene uli m'mimba umapitiriza kuloŵa m'magazi iye ali m'tulo. Musamumwetse kanthu mokakamiza, angatsamwe. Ngati sakudzuka pomugwedeza, akupuma kosakwana kasanu ndi katatu pa mphindi, kapena khungu lazizira ndi kutuwa, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi, woyendetsa akhale munthu amene sanamwe.