Kusintha mawu pa posita: PDF ndi chithunzi chosikana

Posita imodzi ikhoza kufika pa kompyuta m'njira ziwiri: ngati fayilo ya PDF yochokera kwa amene anaikonza, kapena ngati chithunzi cha pepala lojambulidwa ndi sikana. Poziona zimafanana, koma m'kati mwake n'zosiyana. PDF imasunga chilembo chilichonse monga chilembo, pamodzi ndi fonti yake ndi malo ake pa tsamba. Chithunzi chimasunga timadontho ta mitundu basi, ndipo kompyuta sidziwa kuti ena mwa timadonthoto ndi mawu.

Kuzindikira fayilo

Dzina la fayilo lisakupusitseni, pakuti sikana nayonso imatha kusunga chithunzi ngati PDF. Dinani Ctrl+F ndi kufufuza liwu limene mukuliona pa positayo. Likapanda kupezeka, muli ndi chithunzi, kapena wokonza anasandutsa zilembo kukhala zojambula asanatumize kosindikiza. Likapezeka, kulitsani tsambalo kwambiri. Zilembo zenizeni zimakhalabe zosalala m'mphepete, pamene zosikana zimasanduka timabokosi.

Mu PDF

Tiyerekeze kuti msonkhano wasunthidwa kuchoka pa 12 kupita pa 19. Mu Adobe Acrobat Pro kapena LibreOffice Draw, mumadina pa tsikulo, kufufuta 2 ndi kulemba 9. Mtundu wa kumbuyo sukhudzidwa chifukwa uli paokha.

Vuto limabwera ndi fonti. Pofuna kuchepetsa kukula kwa fayilo, PDF kawirikawiri imanyamula zilembo zokhazo zimene zagwiritsidwa ntchito. Ngati pa posita yonse panalibe 9, ndipo fontiyo mulibe m'kompyuta yanu, pulogalamu imabwereka fonti ina. Mudzazindikira poona 9 wonenepa kapena wowonda kuposa 1 woyandikana naye. Mankhwala ake ndi kuika fonti yoyambayo, imene dzina lake limaoneka pa Document Properties, pansi pa Fonts.

Pa chithunzi

Apa palibe 2 woti mufufute. Mu GIMP kapena Photoshop mumaphimba malowo ndi mtundu wotengedwa pambali pake, kenako mumalemba 9 pamwamba ndi fonti yofananirako. Kumbuyo kukakhala koyera zimatheka bwino, koma kukakhala chithunzi cha anthu, chigamba chimaoneka. Chilembo chatsopano chimakhalanso chakuthwa pakati pa zinzake zofiphira.

Pulogalamu yowerenga zilembo pa chithunzi, yotchedwa OCR, imathandiza koma imangoyerekeza. Imasokoneza O ndi 0, l ndi 1, ndipo ŵ imatha kumuwerenga ngati w. Imagwira bwino pepala likasikanidwa mowongoka pa madontho 300 pa inchi. Kawirikawiri mawu ake imawabisa kuseri kwa chithunzi, choncho kuwakonza sikusintha zimene maso akuona.

Ngati zosintha zaposa mzere umodzi, pemphani fayilo yoyambirira kwa wokonza positayo. Ikasowa, kuilemba mwatsopano kumapereka posita yoyera kusiyana ndi ya zigamba.